Zithunzi 6, mwamuna mmodzi kapena angapo?

Paraligo wa ku Ntcheu boma: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi mayi wogulitsa mbatatesi wa ku Tsangano amene wakhala akucheza pa WhatsApp ndi mzungu wina, akuti ndi injiniya wa ku Scotland, mkazi wake anamwalira. Mayiyu watumiza kale K350,000 pa foni ati ya msonkho wa katundu amene "mwamunayo" wamutumizira, ndipo tsopano akumuuza kuti awonjezere. Achibale ndi amene abwera naye, iye sakukhulupirira kuti akuberedwa. Ali ndi zithunzi 6. Ndaziika pa Google Lens yofufuzira zithunzi pa intaneti, palibe chatuluka. Chimene chikundisokoneza n'choti pa zithunzi zitatu kadontho kakuda kali pa tsaya la kumanzere, pa chachinayi kali kumanja. Kodi ndingamuuze kuti awa ndi anthu awiri osiyana?

Wapolisi ya m'mudzi, Lizulu: Ngati Google sinapeze kanthu ndiye kuti mwina munthuyo ndi weniweni, achimwene. Zithunzi zakuba zimatuluka nthawi yomweyo.

Wojambula zithunzi, Dedza: Ayi bambo, pamenepo musathamange. Zikatuluka ndi umboni, koma zikapanda kutuluka si umboni wa chilichonse. Zithunzi zambiri amaziba pa Instagram kapena pa Facebook, ndipo makina ofufuzirawa saona zonse zili kumeneko. Komanso akathyaliwa amadula m'mbali mwa chithunzi kapena kuchitembenuza kuti chisapezeke.

Za kadonthoko, achimwene a ku Ntcheu, musamuuze mayiyo kuti ndi anthu awiri musanaone ichi. Kamera ya kutsogolo pa mafoni ambiri imasunga chithunzi ngati mmene munthu amadzionera pa galasi, kumanzere kumakhala kumanja. Yang'anani zina pa chithunzi chachinayicho. Ngati pali malemba pa malaya kapena pa khoma, kodi akuwerengeka bwino kapena ali chagada? Wotchi ili dzanja liti? Tsitsi analigawa mbali iti? Zonse zikasamukira limodzi ndi kadonthoko, ndi munthu yemweyo, chithunzi ndiye chatembenuzidwa. Koma kadontho kokha kakasamuka, zina zili m'malo mwake, pamenepo pali nkhani.

Paraligo wa ku Ntcheu boma: Mwalasa. Wavala chipewa cholembedwa, ndipo malembawo ndi otembenuka. Wotchi nayo yapita dzanja linalo.

Wojambula zithunzi, Dedza: Ndiye chitembenuzeni inuyo ndi Flip pa foni yanu, muchifufuzenso. Musadalire Google Lens yokha. Ikani pa TinEye, pa Yandex ndi pa Bing, chilichonse kawiri, chowongoka ndi chotembenuza. Yandex imachitako bwino pa nkhope, TinEye imafuna chithunzi chomwecho, koma ubwino wake mungasankhe Oldest n'kuona kumene inayamba kuchiona. Muyesenso kudula nkhope n'kufufuza za kumbuyo zokha, nyumba kapena chikwangwani. Nthawi zina malowo ndi amene amaulula.

Pofananiza nkhope, siyani tsitsi, ndevu ndi kunenepa, izi zimasintha. Ine ndimayamba ndi khutu. Onani ngati kunsi kwa khutu kuli kolendewera kapena kunamatira ku tsaya, ndi mmene lapindikira pamwamba. Kenako mano ngati akuseka, mpata wa pakati, dzino lopotoka. Kenako zipsera. Koma muzifananiza zithunzi zimene mutu wayang'ana mofanana. Selefi yojambulidwa pafupi imakulitsa mphuno n'kubisa makutu, moti munthu mmodzi amaoneka ngati awiri.

Mayi wa bungwe la amayi, Bembeke: Ife tinali ndi yofanana nayo, koma wathu anali Mmalawi ndithu, ankati ali ku Joni. Mtsikanayo anatumiza ndalama ya thiransipoti, kenako tinapeza kuti mnyamatayo ali konkuno ndipo ali pabanja. Zithunzi zinali zake zenizeni. Ndiye ine ndimaona ngati zofufuza zithunzizi n'kutaya bandulo, pitani ku nambala imene inalandira ndalama basi.

Wofufuza milandu wopuma ntchito: Mayi, pa nambala mwanena zoona, ndipo nkhani yanuyo ikuonetsa chimene ana anga mukusakaniza pano. Mafunso ndi atatu. Kodi zithunzizi ndi za munthu mmodzi? Kodi munthuyo alipodi? Kodi iyeyo ndi amene akulemba mauthengawo? Makutu ndi madontho amayankha loyamba lokha. Wakuba wochenjera amakolola zithunzi zambirimbiri pa tsamba la munthu mmodzi, ndiye zonse zimagwirizana bwinobwino. Mukamuuza mayi wa ku Tsanganoyo kuti "tapeza kuti ndi munthu mmodzi," iye amva kuti chibwenzi chake n'choona, mawa atumiza ina. Samalani kayankhulidwe.

Koma si kutaya bandulo. Ku khoti chofunika ndi nambala ndi mauthenga a ndalama, inde. Zithunzi ntchito yake ndi kumutsegula maso mayiyo kuti asatumizenso.

Wapolisi ya m'mudzi, Lizulu: Nanga osangoona deti ndi malo m'kati mwa chithunzimo? Ndinamva kuti chithunzi chilichonse chimasunga zimenezo.

Wojambula zithunzi, Dedza: Chimasunga chikamachoka mu kamera, koma WhatsApp imafufuta zimenezo chithunzi chikatumizidwa mwa nthawi zonse. Zimatsala ngati chatumizidwa ngati Document. Ngati chilipo chotero, pa kompyuta imene ili ndi pulogalamu ya exiftool lembani:

```
exiftool chithunzi.jpg
```

Muona foni imene inajambula, tsiku, mwinanso malo. Koma izinso munthu amatha kuzisintha, musazitenge ngati zomaliza.

Paraligo wa ku Ntcheu boma: Zonse zinabwera mwa nthawi zonse, ndiye pamenepo palibe. Koma zina zayenda. Chachinayi chija nditachiwongola, Yandex yachipeza pa masamba awiri a zibwenzi, mayina osiyana, ndi lachitatu lochenjeza anthu za zithunzi zobedwa. Zinayi zoyamba khutu ndi mano zikugwirizana. Chachisanu ali m'galimoto akuyendetsa, chiwongolero chili kumanzere, ndipo malemba a pa chikwangwani cha panja akuwerengeka bwino, ndiye sichotembenuzidwa. Ku Scotland amayenda kumanzere kwa msewu ngati ife, chiwongolero chimakhala kumanja. Iye anamuuza mayiyo kuti akupita ku ntchito tsiku limenelo.

Chachisanu n'chimodzi ndiye chandikanika. Wagona m'chipatala, kunkhope kuli chopumira, khutu labisika ndi pilo. Ndi chimene anatumiza popempha ndalama yachiwiri.

Wofufuza milandu wopuma ntchito: Chimenecho lembani kuti sichikudziwika, musachikakamize. Kawirikawiri cha m'chipatala chimachokera kwina, chifukwa mwini zithunzi zinazo sanagonepo m'chipatala pa tsiku limene wakubayo akufuna. Ngati mkono ukuoneka, fananizani ubweya, khungu ndi zala. Za chiwongolero musaziike patsogolo, munthu angathe kunena kuti galimotoyo anaigula kunja. Muonetseni mayiyo nkhope yomweyo ili ndi mayina ena, aone yekha ndi maso ake.

Ndipo musaike nkhope ya bamboyo pa magulu kuti ndi wakuba. Mwina nayenso anangoberedwa zithunzi, sakudziwa n'komwe kuti ku Malawi kuli Tsangano. Sungani zithunzi mmene zinabwerera, zosintha muzichitira pa makope. Jambulani macheza onse nambala ikuoneka, mauthenga a ndalama asafufutidwe, mupite nazo ku polisi. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lilipo, ndipo apolisi ndi amene angapemphe dzina limene nambalayo inalembetsedwa.

Mayi wa bungwe la amayi, Bembeke: Bwanji osangomuuza aimbe foni ya vidiyo, zithere pompo?

Wojambula zithunzi, Dedza: Ambiri amakana, ati netiweki kapena malamulo a ku ntchito. Ena amaonetsa kavidiyo kakale kwa masekondi ochepa n'kudula. Ngati ayesa, amuuze atembenuze mutu mpaka khutu lioneke, adutsitse dzanja pankhope, atchule dzina la mayiyo.

Wofufuza milandu wopuma ntchito: Ine sindikugwirizana nazo. Mukamuyesa azindikira kuti mwamutulukira, afufuta zonse n'kutaya nambala apolisi asanayambe.

Paraligo wa ku Ntcheu boma: Ndiyamba ndasunga umboni, za vidiyo tikamva kwa apolisi. Mayiyo waona masamba aja, koma akuti mwina ndi anthu ena amene anaba zithunzi za mwamuna wake. Wavomera kuti satumiza ndalama sabata ino. Amene angathe kundionera cha m'chipatalachi pa kompyuta yaikulu andiuze, ndimutumizire payekha.