N'chifukwa chiyani timalemba preferred koma offered?

Aphunzitsi anzanga, ndithandizeniko. Ndikuphunzitsa Chingerezi Sitandade 7, ndipo tafika pa kusintha kwa kalembedwe ka aneni tikawonjezera -ing ndi -ed.

Aneni a phatikizo limodzi sakuvuta. Ana amva kuti mneni akathera lembo limodzi lopanda liwu, lotsogozedwa ndi lembo la liwu limodzi, lomalizalo timalilemba kawiri: stop, stopped. Akusiyanitsanso hop, hopping ndi hope, hoping, pomwe e amachoka.

Mutu waima pa aneni a maphatikizo awiri. Timalemba prefer, preferred, komabe offer, offered, ngakhale onse athera -er. Lamulo likuti timabwereza lembo ngati mawu akutsindikidwa kumapeto, monga begin, beginning. Koma ana anga satha kumva kutsindikako, moti ambiri akulemba visitting ndi openned. Kuombera m'manja kwawathandiza kuwerenga maphatikizo okha, osati kudziwa lotsindikidwa.

Kodi inu mumawaphunzitsa bwanji kuti khutu lizolowere? Kapena ndingowaloweza pamtima aneni ofala?

Nanga mwana akalemba traveling, monga alembera ku America, m'malo mwa travelling ya ku Britain, mumamuchongera kapena mumamulakwitsa?