Kodi "mbeta silola tsiku limodzi" ndi mwambi woti nkulengezera chinkhoswe?

Wa ku Santhe:
Akuluakulu, ndithandizeni. Chinkhoswe chathu chili mwezi wamawa kwawo kwa mnzangayo ku Chamama, ndipo ndikufuna kulemba mawu ochepa oti titumizire abale ndi anansi pa WhatsApp. Za nthiti yosowa zija sindikuzifuna. Ndalandira makadi ambirimbiri onena zomwezo, kungosintha mayina ndi chithunzi, mwakuti munthu suwerenganso, umangoyang'ana tsiku basi.

Mawu amene ali pamtima panga ndi a agogo anga aakazi. Ulendo woyamba kukafunsira ndinabwerako wopanda yankho, ndili khuma pakhonde. Agogo akusenda mtedza anangoti, "Iwe, mbeta silola tsiku limodzi." Tsono mlongo wanga akuti ndisayerekeze kulemba zimenezo, ati mbeta ndi mkazi amene banja linamuthera kapena wokalambira pakhomo pa makolo, ndiye kumutchula choncho mnzangayo pagulu ndi chipongwe. Kodi mbeta kwenikweni ndi ndani? Nanga mwambiwu ukuyamikira mkazi kapena ukumunyoza?

Bambo wa ku Mkanda:
Mwambi umenewo ndi wa malowolo, achimwene. Kwathu kuno ku Mchinji, m'mabanja achingoni, ng'ombe sizipita zonse tsiku limodzi. Umapereka imodzi, zina nkumatsatira ana atabadwa kale. Pa khadi la chisangalalo musaikepo, akuchikazi angaone ngati mukupemphereratu ngongole.

Nkhoswe wa ku Chulu:
Bambo a ku Mkanda, mwasakaniza mawu awiri. Kulowola ndi kwina, kulola ndi kwina. Mwambiwu ukuti silola, ndiye kuti sivomera. Za ng'ombe mwanenazo nzoona kwanuko, koma sizili m'mwambi uno.

Mwana wanga wa ku Santhe, ine ndaimirira maukwati a ana a alongo anga angapo, ndiye mvera. Mbeta ndi mkazi wosinkhuka amene alibe mwamuna, woti munthu angathe kumufunsira popanda mlandu. Nchifukwa chake timati kufunsira mbeta. Amalume ako popita kuchikazi sapita kukanyoza munthu, koma mawu amene amayenda nawo ndi omwewo. Mlongo wako wagwira mbali imodzi yokha: inde, amene wabwerako ku banja ndi mbeta, koma namwali amene sanalowepo m'banja nayenso ndi mbeta.

Kusalola tsiku limodziko sikunyada ayi. Mtsikana akati "ndikaganize", amakhala akupeza mpata woti afufuze za iwe, kuti kwanu nkuti, uli ndi mkazi kwina kapena ayi, umagwira khasu kapena umangozungulira pa bawo. Amanong'onezako agogo ake kapena achemwali ake. Akakhutira mpamene amakuuza kuti kaonaneni ndi amalume. Ndipo taona, amalume akewo nawonso salola tsiku limodzi. Amalume ako akafika koyamba amangouzidwa kuti "tamva, tifunse kaye mwini wakeyo," nkupatsidwa tsiku lina lodzamvera yankho. Amene walola pompopompo anthu ankamudandaulira kuti walowa m'madzi osayesa kuya kwake. Choncho agogo ako ankakulimbitsa mtima iwe, koma ankamulemekezanso mtsikanayo kuti ndi munthu woganiza.

Mtsikana wa pa Kasungu boma:
Agogo a ku Chulu, tanthauzolo ndalimva ndipo sindikutsutsa. Koma mmene timalimvera liwuli ife a masiku ano ndi zina. Munthu akati "uja ndi mbeta" pa mjigo kapena ku kwaya, sakunena kuti ngwoti nkufunsiridwa. Akunena kuti anzake onse anapita, iye watsala. Ine ndili ndi zaka 31 ndipo liwu limeneli landipweteka kangapo.

Chinanso, anyamata ena amabisala m'mwambi womwewu. Wawakana momveka bwino, iwo nkumakudikirirabe panjira ati mbeta silola tsiku limodzi.

Nkhoswe wa ku Chulu:
Apo wanena zoona, mwana wanga. "Ndikaganize" ndi khomo lotsekedwa ndi chitseko, "ayi" ndi khoma. Mwambiwu ndi wa pa chitseko. Wolimbana ndi khoma asanamizire makolo.

Mayi wa ku Kapiri:
Ine banja langa loyamba litatha ndinabwerera kwathu ndi ana awiri, ndipo azakhali ankanena poyera kuti ndabwerera pa umbeta. Sindinamve kuwawa, kunali kungonena mmene zinthu zinalili. Bambo amene ndili nawo pano anayenda miyezi isanu ndisanawayankhe, chifukwa ndinkafuna ndione kaye mmene akuyankhulira ndi ana angawo. Koma pa khadi? Kaya. Anthu owerenga ndi ambiri, ndipo aliyense ali ndi makutu ake.

Wa ku Santhe:
Zikomo nonse. Ndayesa kulemba motere, mundikonze:

"Mbeta silola tsiku limodzi. Ine ndinapirira ndipo ndapambana. Bwerani ku chinkhoswe changa."

Nkhoswe wa ku Chulu:
Ayi, apa mwambi waupotoza ndiwe. Wadziika wekha pakati ngati mlenje wobwera ndi nyama paphewa. Chinkhoswe si chako, ndi cha mabanja awiri. Tsiku limenelo amene amapatsana tambala ndi msoti ndi ankhoswe, iwe umangokhala pampando. Chotsa "ndapambana", chotsanso "changa".

Ndipo mwambi wokha sungapangitse uthengawo kukhala wanu, poti wina aliyense angathe kuukopera mawa. Chimene wina sangakopere ndi chimene chinakuchitikirani awirinu. Unafunsira liti, anakuyankha liti? Nena zimenezo. Komanso usatumize kanthu azakhali, agogo ndi amalume a mbali zonse asanauzidwe pakamwa. Wamkulu akamvera pa foni ya mdzukulu, pa tsikulo amabwera ndi mkwiyo kapena sabwera nkomwe.

Mtsikana wa pa Kasungu boma:
Achimwene, tonse tayankha, koma mwini dzinalo mwamufunsa? Amene atchulidwe mbeta ndi iyeyo, osati ife.

Wa ku Santhe:
Chemwali, munanena zoona, ndinali ndisanamufunse. Dzulo ndinapalasa njinga kukamuwerengera zonsezi. Anaseka mpaka misozi, kenako anati mwambiwo ukhale, koma utuluke pakamwa pa agogo osati panga, chifukwa mawu a agogo palibe angawamve ngati chipongwe. Mzere wachitatu walemba yekha. Mlongo wanga akadali pomwepo, akuti akanakhala iye sakanalola. Amalume onse anauzidwa kale sabata yatha. Tagwirizana izi:

"Agogo anati mbeta silola tsiku limodzi.
Ndinafunsira Nabanda tikuwokera fodya, anandiyankha titagulitsa ku Chinkhoma.
Ine Nabanda ndinaganiza mvula yonse, ndipo ndalola ndi mtima wanga wonse.
Amalume athu akumana, agwirizana. Bwerani ku Chamama mudzasangalale nafe pa chinkhoswe chathu."

Pansi pake tiikapo tsiku, nthawi ndi dzina la mudzi.

Mayi wa ku Kapiri:
Lululululu! "Ndinaganiza mvula yonse", mawu amenewo andifika pamtima. Muonjezepo pokhotera pochoka pamsewu waukulu, ena ife ku Chamama sitinafikeko. Ndipo agogowo muwakhazike kutsogolo, tidzawafupe.