Dayirekita watenga £24,000 mu kampani yake, ndizilembe ngati chiyani?

Nabanda (Leeds):
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi kasitomala, mayi wakwathu konkuno, ali ndi kampani yoyeretsa m'maofesi. Dayirekita ndi iwo okha, masheya onse ndi awo. Chaka cha kampani chinatha pa 31 Malichi 2025, koma mapepala andibweretsera sabata yatha, Novembala ali mkati. Pa peyirolo ankadzilipira £758 pa mwezi, imeneyo ili bwinobwino, inkapita ku HMRC, bungwe la msonkho la kuno ku UK, mwezi ndi mwezi. Vuto ndi lakuti pamwamba pake ankatapa £2,000 mwezi uliwonse kuchokera ku akaunti ya kampani kupita ku yawo, zambiri n'kumatumiza kumudzi komwe akumanga nyumba. Chaka chonse ndi £24,000. Palibe pepala lililonse lonena kuti ndalamazi ndi za chiyani. Poyamba bizinesi anaikamo £4,000 ya m'thumba mwawo yogulira makina, ndiye ndikachotsa imeneyo zikutsala £20,000. Phindu lotsala msonkho wa kampani utachotsedwa, kuphatikiza la zaka zam'mbuyo, ndi £12,000. Iwo akuti ndingolemba kuti zonse zinali dividendi ya mu Malichi. Mtima wanga ukukana. Inu mumatani zikatere?

Chimwemwe wa ku Mzuzu:
Anabanda, apa vuto lili pati? Bizinesi ndi yawo, ndalama ndi zawo. Ine makasitomala anga a magolosale akatapa mu kabati ndimangolemba kuti mwini watenga, n'kuchotsera ku mpamba wake, basi. Msonkho umawerengedwa pa phindu, osati pa zimene munthu watenga.

Nabanda (Leeds):
Achimwene, zimenezo zimatheka bizinesi ikakhala ya munthu payekha, yosalembetsedwa ngati kampani. Iyi ndi kampani, pamalamulo ndi munthu wina wapadera. Ndalama za mu akaunti yake si za mayiwa, ngakhale masheya onse ndi awo.

Gogo wa Maleja:
Anabanda, mtima wanu ukunena zoona. Dividendi simaibweza m'mbuyo. Imakhalapo tsiku limene dayirekita wagamula kuti iperekedwe, n'kulemba maminitsi ndi vocha, ndalamayo n'kulipiridwa kapena kulembedwa ku akaunti yake m'mabuku. Mukalemba lero pepala lokhala ndi deti la Malichi, limenelo ndi pepala labodza, ndipo dzanja lolemba ndi lanu. Ndiponso ngakhale akanagamula mu Malichi momwemo, sakanatha kugawa £20,000 pamene phindu logawika ndi £12,000. Lamulo la makampani la 2006 limalola kugawa phindu lomwe lilipo lokha. Zopitirira apo, dayirekita amene ankadziwa kapena ankayenera kudziwa amazibweza.

Simungangozisandutsanso malipiro lero pomwe sizinadutse pa PAYE pa nthawi yake. Ndiye chatsala n'chimodzi: pa 31 Malichi 2025 mayiwa anali ndi ngongole ya £20,000 ku kampani yawo. Ilembeni choncho m'maakaunti, ndipo ionekenso m'mawu ofotokozera a kumapeto, chifukwa ngongole ya dayirekita imayenera kuululidwa.

Chimene chikuthamangitseni tsopano ndi deti. Ngongoleyo ikapanda kubwezedwa pasanathe miyezi 9 chaka chitatha, kampani imalipira msonkho uja timangouti S455, womwe pa ngongole ya chaka chimenecho ndi 33.75%. Pa £20,000 ndi £6,750, yofunika pa 1 Januwale 2026, tsiku lomwelo la msonkho wa kampani. Choncho muli ndi mpaka 31 Disembala.

Ine ndikanachita izi: sabata ino, mayiwa agamule dividendi ya £12,000, deti la lero lenileni. Ndalama isatuluke ku banki, ingolembedwa ku akaunti yawo ya ngongole, ndipo m'maminitsi mulembe kuti ikupita ku ngongole yakale ija. Zitsala £8,000. Maakaunti a Malichi asonyezabe £20,000, musawasinthe, koma pa CT600A, fomu ya msonkho wa kampani yolembapo ngongole zoterezi, mulemba ngongole yonse kenako n'kulemba £12,000 yobwezedwa nthawi isanathe, msonkho n'kuwerengedwa pa zotsalazo.

Mphwanga wa ku Luton:
£8,000 yotsalayo ndi yosavuta. Abwereke kwa m'bale kapena ku chipereganyu, aike mu akaunti ya kampani pa 29 Disembala, tsiku lija lidutse, pa 5 Januwale atengenso n'kubweza kwa mwini wake. Ngongole yabwezedwa nthawi yake, S455 palibe. Ndinaonapo anthu akuchita.

Gogo wa Maleja:
Kubweza ndi ndalama zenizeni n'kololedwa, pamenepo mwalondola mphwanga, ndipo kumene azitenga si nkhani ya HMRC. Kutenganso kuja ndiye kumene kwaononga. Njira imeneyo anaitseka mu 2013. Munthu akabweza £5,000 kapena kuposa, n'kutenganso £5,000 kapena kuposa mkati mwa masiku 30, amawerenga kuti wabweza ngongole yatsopanoyo, yakale ili pomwepo. Kudikira masiku 31 sikupulumutsanso nthawi zonse: ngati ngongole yonse inali £15,000 kapena kuposa pobweza, ndipo panali kale pangano loti adzatenganso, amawerenga chimodzimodzi ngakhale patapita miyezi. Dividendi ndi bonasi zolembedwa ku akaunti ya ngongole sizigwidwa ndi lamulo limeneli, chifukwa mwini wake amalipirapo kale msonkho wake.

Mphwanga wa ku Luton:
Koma pamenepo ngongole ikhala itatsika kufika £8,000, ndiye za £15,000 sizikuwakhudza.

Mayi a Tadala:
Mwaiwala kufunsa chinthu chimodzi nonsenu. Anabanda, kuyambira Epulo mayiwa asiya kutapa?

Nabanda (Leeds):
Ayi ndithu, sanasiye. £2,000 mwezi uliwonse mpaka Novembala uno, ndiye £16,000 ina. Akuti nyumba yafika pa denga.

Mayi a Tadala:
Ndiye ngongole yeniyeni lero ndi £36,000, osati £20,000. Dividendi ikachotsa £12,000 zitsala £24,000. Mwaona, mphwanga?

Ine ndinali ndi wina wofanana, wa magalimoto onyamula katundu, ndipo tinapita njira ya bonasi chifukwa ankafuna ngongole ya nyumba ku banki, amafuna mapeyisilipi ooneka. Koma ndikuchenjezeni, bonasi ndi yodula kuposa mmene imaonekera. Ku akaunti ya ngongole kumapita zotsala PAYE ndi inshulansi ya boma zitachotsedwa, ndiye kuti mufafanize £8,000 muyenera kulemba bonasi yoposa pamenepo. Kampani nayo ilipira 15% yake, ndipo zonsezi ndi ndalama zenizeni zotuluka ku banki mwezi wotsatira. Ubwino wake ndi woti bonasi imachepetsa phindu lokhomeredwa msonkho wa kampani, pomwe dividendi sichepetsa, komanso siyembekeza kuti phindu likhalepo. Wanga uja anadandaula mwezi umodzi, koma banki inamupatsa.

Gogo wa Maleja:
Funso la Mayi a Tadala ndiye lagwira pamene pali nkhani. Tiyeni tiwerenge kaye za dividendi, chifukwa mayiwa adzafunsa kuti iwowo alipira zingati. Ikagamulidwa tsopano igwera m'chaka cha msonkho cha 2025/26. Ngati malipiro awo akadali £9,096 pa chaka ndipo alibe ntchito ina, pa £12,570 yosakhomeredwa msonkho patsala £3,474. Chotsani imeneyo pa £12,000, chotsaninso £500 ya dividendi yosalipiritsa, zitsala £8,026. Pa 8.75% ndi £702, yolipira pofika 31 Januwale 2027. Yerekezani ndi £4,050 ya S455 imene £12,000 yomweyo ikanabala.

Pa £8,000 yotsala pali njira ina imene palibe waitchula. Phindu logawika silithera pa maakaunti a Malichi. Mukakonza maakaunti apakati a Epulo mpaka Okutobala, mutachotseratu msonkho wa kampani wa miyezi imeneyo, n'kupeza phindu lokwanira, dividendi ikhoza kukhala £20,000 yonse. Msonkho wa mayiwa ukhala pafupifupi £1,402, S455 palibiretu. Koma akhale maakaunti enieni, okhala ndi ngongole zonse za kampani, osati kungoyang'ana ndalama zili ku banki. Muwasunge mu fayilo limodzi ndi maminitsi.

Mayi a Tadala:
Agogo, pamenepo ndiye sitigwirizana. Phindu la chaka chino mukalidyera ngongole ya chaka chatha, £16,000 ya chaka chino idzafafanizidwa ndi chiyani? Kuli ngati kukumba dzenje kuti mukwirire lina. Disembala wa chaka chamawa Anabanda adzabweranso pano ndi funso lomweli. Ine ndikanalola kampani ilipire £2,700 pa £8,000 ija. Si ndalama yotayika, imabwerera ngongole ikabwezedwa, ndipo mayiwa akaiona ikutuluka mwina adzamva zimene akuuzidwa.

Gogo wa Maleja:
Imabwerera, inde, koma mochedwa. HMRC imabweza patatha miyezi 9 ndi tsiku limodzi kuchokera pamene chatha chaka chimene ngongole yabwezedwa. Akabweza mu Febuluwale 2026, ndalamayo ndi ya pa 1 Januwale 2027. Akabweza mu Epulo 2026, adikira mpaka 1 Januwale 2028, ndipo siibwera yokha, muyenera kuipempha. Kampani yaing'ono yolipira antchito sabata ndi sabata, £2,700 kukhala kunja zaka ziwiri si masewera. Dzenje mukunenalo ndikuliona, koma kuchedwetsa vuto ndi chaka chathunthu popanda kulipira kanthu, ine ndimakutenga ngati phindu, bola chakacho chigwiritsidwe ntchito.

Mphwanga wa ku Luton:
Nanga P11D, fomu ija ya phindu la pantchito? Ngongole ikadutsa £10,000 yopanda chiwongoladzanja imakhala phindu la pantchito. Pa 33.75% yomweyo eti?

Gogo wa Maleja:
P11D ikufunika ndithu, mwakumbutsa bwino, koma si pa 33.75%. Chimene chimakhomeredwa ndi chiwongoladzanja chimene sanalipire, pa mlingo wa boma, womwe mu 2024/25 unali 2.25%. Ngongole yokwera pang'onopang'ono kufika £20,000, ndi mapaundi mazana awiri ndi kanthu basi. Pamenepo mayiwa alipira msonkho wawo, kampani 13.8%. Ndalama yake ndi yochepa, chowawa ndi chakuti fomuyo ndi P11D(b), yolembapo gawo la kampani, zinayenera kupita pofika 6 Julaye 2025, ndipo chindapusa cha P11D(b) chimawerengedwa £100 mwezi uliwonse wochedwa. Tumizani msanga. Mu 2025/26 mlingo uja unakwera kufika 3.75%, pa ngongole yokulirapo.

Chimwemwe wa ku Mzuzu:
Koma ine chikundidabwitsabe. Munthu akutenga £2,000 yofanana mwezi uliwonse, tsiku lofanana. A msonkho sangati amenewo ndi malipiro basi, n'kufuna PAYE yonse?

Gogo wa Maleja:
Funso labwino, achimwene, ndipo akhoza kufunsadi. Chimene amayang'ana ndi chakuti ndalamayo inatengedwa ngati chiyani: ngati inali yodzabweza kapena yoyembekeza dividendi, ndi ngongole, ngati mwini wake ankaitenga ngati malipiro a ntchito yake, PAYE ikanayenera kuchotsedwa pomwepo. Anabanda, onani mawu amene ankalemba potumiza ku banki.

Nabanda (Leeds):
Ndaona. Miyezi yambiri analemba dzina lawo lokha, koma itatu yoyambirira palembedwa `wages`. Ndawaimbira, akuti ankangolemba chimene chabwera m'mutu. Dividendi ya £12,000 tigamula Lachisanu. Maakaunti apakati ndiyamba mawa, ndione ngati phindu la Epulo mpaka Okutobala likufika £8,000, kenako ndiwaonetse njira ya Agogo ndi ya Mayi a Tadala asankhe okha. Za miyezi itatu ija, ndani anakumanapo nazo pa kafukufuku wa HMRC?