Foni yatsopano yaima pa akaunti ya Google, ndithandizeni

Anzanga odziwa za mafoni, ndithandizeniko. Ndawagulira mayi foni ya Android, koma yandikakamira pa kuyatsa koyamba.

Pa chilankhulo ndinasankha "English (United Kingdom)". Mayi amafuna Chichewa koma pamndandanda sindinachione, mwina ndi maso angawa. Ndinaikamo simu ya TNM, n'kulumikiza foniyo ku intaneti ya foni yanga chifukwa kunyumba kulibe Wi-Fi. Pa "Copy apps & data" ndinadina "Don't copy", popeza yakale ija ndi ya mabatani, mulibe choti n'kukopera.

Vuto lili pa "Sign in". Mayi alibe imelo. Nditalemba yanga, Google inatumiza nambala yachinsinsi ku nambala yanga yakale ya Airtel, yomwe simu yake ndinataya kalekale. Ndaima pomwepo.

Kodi ndikadina "Skip" n'kupitiriza kuika PIN, ndingathe kuwatsegulira akaunti yawoyawo pambuyo pake? Ndikudziwa kuti Play Store sigwira popanda akaunti, ndipo iwo chomwe akufuna ndi WhatsApp basi. Nanga ndikaikamo yanga, manambala a anthu anga sadzadzaza foni yawo? Mawa m'mawa akubwerera kumudzi ku Dedza.