Agalu a Napoleon akuimira yani? Kachongedwe ka zimangirizo za Fomu 3

Mphunzitsi wa ku Ndirande:

Aphunzitsi anzanga, ndikupempha nzeru. Ophunzira anga a Fomu 3 awerenga buku la Animal Farm, ndipo ndinawauza kuti alembe chimangirizo chofotokoza chimene agalu a Napoleon, nkhumba yolamulira famu, akuimira. Ochepa alemba kuti ndi apolisi achinsinsi a Stalin, yemwe ankalamulira dziko la Soviet Union, monga mmene manotsi akunenera, koma sanatchule chilichonse chimene agaluwo anachita m'bukumo. Ambiri alemba kuti ndi apayoniya a nthawi ya Kamuzu, pamene ena atchula achinyamata a zipani za masiku ano, mpaka kulemba mayina a atsogoleri awo. Ndikatsatira manotsi, malikisi apita kwa amene angoloweza, ndipo amene aganiza mwaokha alephera. Ndichonge bwanji?

Mphunzitsi wa ku Chilomoni:

Amayi, apatseni malikisi onse ana amene atchula apayoniya. Nthano yonyogodola olamulira ilibe mwini, ndipo mwana amene waona dziko lake m'bukumo walimvetsa kuposa amene wangokumbukira dzina la Stalin, munthu amene sakumudziwa n'komwe. Komanso boma la nthawi imeneyo linaletsa bukuli muno m'Malawi. Likanaliletseranji likanakhala kuti silikudziona mmenemo?

Mphunzitsi wopuma pantchito, wa ku Zingwangwa:

Abambo a ku Chilomoni anena zoona pa mfundo imodzi, yakuti kuyerekeza ndi kwathu kuno si kulakwa, koma sindikuvomereza kuti dzina lokha, kaya la apayoniya kaya la Stalin, lilandire malikisi. Bukuli linatuluka mu 1945, pamene Malawi analandira ufulu mu 1964, choncho mwana amene walemba kuti mlembi ankanena za apayoniya walakwa pa mbiri. Amene walemba kuti agaluwo akufanana ndi apayoniya angathe kukhoza, malinga asonyeze pamene akufanirana.

Njira imene ndinkagwiritsa ntchito ndi yofunsa kaye zimene nyamayo ikuchita, ndipo dzina la munthu weniweni lizibwera pambuyo. Tiyeni titsatire agaluwo. M'mutu 3, Napoleon akutenga tiana ta agalu 9 titangosiya kuyamwa, nanena kuti atiphunzitsa yekha, ndipo akutibisa m'chipinda chapamwamba mpaka nyama zina kutiiwala. M'mutu 5, pamene nyama zatsala pang'ono kuponya voti pa nkhani ya chigayo choyendera mphepo ndipo zikuoneka kuti Snowball, nkhumba yopikisana ndi Napoleon, apambana, agalu aja akutulukira atakula n'kumupirikitsa. Nthawi yomweyo Napoleon akulengeza kuti zokambirana za Lamulungu zatha, ndipo zonse zizigamulidwa ndi komiti ya nkhumba. Nkhumba zinayi zazing'ono zikuyesa kutsutsa, agalu akudzuma, izo zikukhala chete. M'mutu 7, nkhumba zinayi zomwezo zikuvomera milandu yogwirizana ndi Snowball, agalu n'kuzipha pamaso pa onse.

Mwana amene wasanja zimenezi waona chinthu chachikulu, chakuti ntchito yaikulu ya agaluwo si kuteteza famu kwa adani akunja, koma kuteteza mtsogoleri mmodzi kwa anzake, ndipo akuonekera nthawi iliyonse imene mtsutso ukufuna kumugonjetsa. Akafika pamenepo, dzina la apolisi achinsinsi a Stalin limakhala ndi tanthauzo, chifukwa Trotsky, wopikisana ndi Stalin amene Snowball akumuimira, anathamangitsidwa m'dziko lake mu 1929, ndipo milandu ya ku Moscow, imene akuluakulu a chipani ankavomera zinthu zimene sanachite, inachitika kuyambira 1936 mpaka 1938.

Pa malikisi 20, ine ndikanapereka 10 pa zochita za agalu ndi umboni wa m'buku, 6 pa zimene mlembi ankanyogodola, ndi 4 pa kuyerekeza ndi kwina kulikonse.

Mphunzitsi wa Chichewa, wa ku Bangwe:

Kwa ine vutoli silichitika, chifukwa ndimayamba ndi nthano zathu. Ndimawauza ya nyama zimene zinakumba chitsime nthawi ya chilala, Kalulu n'kukana kukumba nawo koma n'kumadzaba madzi ponyenga alonda, mpaka Kamba anamugwira. Ana amamvetsa msanga kuti Mkango ndi mfumu, Fisi ndi wadyera, Kalulu ndi wochenjera. Amayi a ku Ndirande, apatseni mndandanda wotero wa nyama za m'bukumo, aliyense adziwe kuti galu amaimira nkhanza.

Mphunzitsi wa ku Ndirande:

Zikomo amayi a ku Bangwe, koma mndandanda wotero ndi umene wandibweretsera mavutowa. Kalulu ndi wochenjera m'nthano iliyonse kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, pamene agalu awa sanabadwe ankhanza, ndipo amayi awo ndi nyama wamba za pafamu zimene zinalandidwa ana. Ndikawauza kuti galu ndi nkhanza basi, funso lakuti anawasandutsa otero ndani silifunsidwanso. Abambo a ku Zingwangwa, malikisi 4 omalizawo ndiwapereke poona chiyani? Ndili ndi chimangirizo cha mtsikana amene walemba kuti Snowball ndi Chipembere, ndipo wachilemba bwino ndithu.

Mphunzitsi wopuma pantchito, wa ku Zingwangwa:

Amayi, ndikanaona ngati watchula pamene kuyerekezako kukuthera. Mtsikanayo ali ndi poyambira pabwino, popeza mu 1964, patangopita miyezi iwiri chilandirire ufulu, nduna zimene zinamenyera nawo ufuluwo, monga Kanyama Chiume, Orton Chirwa ndi Masauko Chipembere, zinasemphana ndi Kamuzu, zinachoka m'boma ndipo pambuyo pake zinkatchedwa zigawenga. Izi zikufanana ndi mmene Snowball anasandukira mdani amene chilichonse choipa pafamu chinkakankhiridwa kwa iye. Komabe Chipembere anatsogoleradi gulu la zida mu Febuluwale 1965, pamene Snowball sanaonekenso, ndipo palibe umboni m'buku wakuti anachita zimene ankamunenera. Ngakhale chigayo chimene anati wagwetsa chinagwa usiku wa mphepo yamkuntho. Chimodzimodzi apayoniya, amene anakhazikitsidwa poyera mu 1963 ndipo ankagwiranso ntchito za ulimi, sanaleredwe mobisa ngati agalu aja, ngakhale kuti ankamvera mtsogoleri mmodzi ndipo anali ndi zida mpaka asilikali anawalanda mu Disembala 1993.

Mufunsenso mtsikanayo za mkaka ndi maapozi a m'mutu 3. Nkhumba zonse, kuphatikizapo Snowball, zinagwirizana kuti zakudyazo zikhale zawo zokha. Ana amakonda kumuyesa Snowball woyera mtima chifukwa anathamangitsidwa, ndipo akamuyerekeza ndi munthu amene amamukonda, mfundo imeneyi amaidumpha.

Mphunzitsi wa ku Chilomoni:

Ndamva, abambo, koma malikisi 4 ndi ochepa kwambiri pa gawo lokhalo limene mwana akuganiza yekha. Ine ndikanachotsa 2 pa mbiri ya Stalin n'kuwaonjezera kumeneko. Nanga amene atchula andale amoyo, kodi tiwalange chifukwa cholimba mtima?

Mphunzitsi wa ku Ndirande:

Kuwalanga ayi, koma onse amene atchula andale amoyo sanapereke umboni uliwonse kupatula zomva m'maminibasi, ndipo makope amapita kunyumba kumene makolo a zipani zosiyana amawawerenga. Ndawauza kuti alembenso, afotokoze zimene gulu la achinyamata limachita pa msonkhano kapena pa chisankho popanda kutchula dzina la munthu. Mnyamata wina wandifunsa chifukwa chake ndikulola dzina la Kamuzu koma ndikukana la munthu wamoyo, ndipo yankho langa lakuti za 1964 zinalembedwa m'mabuku a mbiri silinamukhutiritse. Pa kagawidwe ka malikisi ndiyamba ndi 10, 6 ndi 4 pa zimangirizo izi, ndipo abambo a ku Chilomoni, ndikutumizirani zisanu ndisanalembemo kanthu kuti muzichonge mwa njira yanu, tione ngati zotsatira zisiyane kwambiri.