Gulu la Banja: Arobaini ndi za Chuma cha Malemu

Achemwali a ku Namwera: Asalamu alaikumu nonse. Arobaini ya bambo, mwambo wa masiku makumi anayi chimwalirireni, ndi Loweruka la mawa lino. Tinagwirizana K20,000 aliyense wamkulu. Apereka ndi asanu okha, mpunga sitinagule, mbuzi tangolipira theka.

Achimwene a ku Joni: Waalaikumu salamu. Yanga ndinatumiza Lachiwiri, muone bwino.

Achemwali a ku Namwera: Yafika achimwene. Ndikunena ena amene akuwerenga mwakachetechete.

Bambo Aang'ono: Ine ndibwera nayo pamanja. Koma poti tsikulo tonse tidzakhala pamodzi, ya katundu ija tidzaimalize. Boti langokhala pa doko ku Makawa, injini ichita dzimbiri.

Azakhali: Boti silichoka pa banja. Ndanena kale.

Achimwene a ku Joni: Palibe wanena zogulitsa azakhali. Mwalimu, tiuzeni mmene Chisilamu chimagawira, mwa manambala, aliyense aone yekha.

Mwalimu: Chabwino achimwene. Mirasi, kagawidwe ka chuma cha malemu m'Chisilamu, siyamba ndi kugawa. Poyamba timachotsa zimene zinalowa pa maliro, kenako ngongole zonse za malemu, kenako wasiya, chimene malemu analamula kuti chidzaperekedwe akamwalira, ngati anasiya, ndipo wasiyayo sapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu. Chotsalacho ndiye chogawa. Achemwali, werengani zimene munalemba zija.

Achemwali a ku Namwera: Nyumba ya ku boma anaiyerekeza K11,000,000. Boti, injini ndi chilimira K6,000,000. Kubanki K1,500,000. Zonse K18,500,000. Ngongole ya mafuta ndi ukonde K1,200,000. Za maliro zimene tinakongola K300,000.

Mwalimu: Palinso mahari a mayi aang'ono, K200,000, amene malemu sanamalize. Mboni za nikaha zilipo. Imeneyo ndi ngongole ngati ina iliyonse, amalandira kaye tisanagawe.

Azakhali: Zimenezo ndikuzimva lero.

Mwalimu: Ndiye tikachotsa K1,700,000 patsala K16,800,000. Magawo ake ali mu Sura ya An-Nisa, ndime 11 ndi 12. Anganga, poti ndi mayi a malemu ndipo malemu asiya ana, amatenga gawo limodzi mwa asanu ndi limodzi, K2,800,000. Akazi amatenga gawo limodzi mwa asanu ndi atatu, K2,100,000. Limeneli si la aliyense payekha ayi, amagawana awiriwo, K1,050,000 mayi aakulu, K1,050,000 mayi aang'ono. Patsala K11,900,000 ya ana. Mwamuna amatenga kawiri ka mkazi. Amuna awiri ndi magawo anayi, akazi atatu ndi magawo atatu, onse asanu ndi awiri, gawo lililonse K1,700,000. Ndiye mwana wamkazi K1,700,000, wamwamuna K3,400,000.

Bambo Aang'ono: Nanga ife abale ake a bere limodzi?

Mwalimu: Pepani bambo, pamene pali mwana wamwamuna, achimwene ndi alongo a malemu salandira. Mwanayo amawatsekera.

Azakhali: Kwathu kuno chuma cha mwamuna chimayang'aniridwa ndi mwana wa mlongo wake. Mwana wanga wakhala pa boti limenelo usiku ndi usiku, mwera ukuwomba, ena ali m'mabulangete. Boti silichoka pa banja.

Achimwene a ku Joni: Amene tinatumiza ndalama ya injini sitikufuula.

Achemwali a ku Zomba: Ndangotuluka kuntchito, ndawerenga zonse. Mwalimu mwawerengera bwino, sindikutsutsa. Koma tidziwe kuti bambo sanalembe wilo. Munthu akamwalira opanda wilo, ku khoti amatsata lamulo la chuma cha masiye la 2011, kaya malemu anali Msilamu kapena ayi. Lamulo limenelo linatsekanso zolowa chuma mwa mwambo, ndiye za mwana wa mlongo zija kumeneko sizimveka azakhali.

Azakhali: Lamulo limenelo linkapalasa nawo boti?

Achemwali a ku Zomba: Ngati msuweni ali ndi malipiro amene bambo sanamupatse, anene, tiwaike pa ngongole. Pamenepo ndimuimira ndine. Koma kukhala mwini boti ndi nkhani ina.

Achimwene a ku Joni: Tiuze manambala a boma nawenso.

Achemwali a ku Zomba: La boma lilibe magawo oikika ngati a mirasi. Limayamba ndi kuona kuti amene ankadalira malemu asavutike. Anganga amalowa pamenepo, poti makolo amawerengedwa m'gulu la odalira, koma palibe nambala yolembedwa kuti atenge mwakuti. Kenako mkazi aliyense amasunga katundu wa m'nyumba amene ankagwiritsa ntchito, mipando, mabedi, ziwiya. Chotsalacho amagawana akazi, ana ndi makolo a malemu, ndipo ngati palibe chifukwa chapadera akazi ndi ana amagawana mofanana, osayang'ana kuti uyu ndi mwamuna kapena mkazi. Kungoyerekeza, tisanachotse cha anganga, K16,800,000 kwa anthu asanu ndi awiri ndi K2,400,000 aliyense.

Achemwali a ku Namwera: Ndiye mayi kuchoka pa K1,050,000 kufika K2,400,000?

Achemwali a ku Zomba: Eya. Ndipo achimwene atsika kuchoka pa K3,400,000. Komanso mwana wamng'ono amayenera kupatsidwa chochulukirapo kuposa ife akuluakulu, chifukwa ife tinaphunzitsidwa kale. Mng'ono wathu ali ndi zaka 9, ali sitandade 4, ulendo wake ngwautali.

Msuweni wa ku Makawa: Mbuzi ija mwini wake akuti tikapanda kumaliza Lachinayi agulitsa kwina.

Achemwali a ku Namwera: Mwamvatu. Yatsala K45,000. Amene simunapereke mukudzidziwa.

Bambo Aang'ono: Mahema ndi masufuriya tibwereka kumzikiti ngati pa maliro paja?

Achemwali a ku Namwera: Masufuriya eya, koma awiri aja anabwerera opanda zivundikiro, tikapepese kaye.

Achimwene a ku Joni: Tibwerere ku nkhani. Bambo anali munthu wa swala zisanu. Tingawagawire chuma chawo motsutsana ndi Kurani? Ine sindikunena chifukwa choti gawo langa ndi lalikulu.

Mwalimu: Kwa Msilamu magawo amenewa si maganizo a munthu, ndi lamulo la Allah. Ndipo mwamuna amapatsidwa kawiri chifukwa ali ndi udindo wosamala mayi ake ndi alongo ake akasowa. Kawiri kameneko kamabwera ndi katundu pamutu.

Achemwali a ku Namwera: Katunduyo ena amamutula pa chipata cha Mwanza.

Achimwene a ku Joni: Ndamva.

Achemwali a ku Zomba: Inenso ndine Msilamu achimwene, ndipo K1,700,000 yanga ndiilandira ndi mtima woyera. Ife akuluakulu tikhoza kugwirizana kutsata mirasi, tilembe, tisayine pamaso pa ashehe ndi amfumu. Munthu wamkulu akhoza kusiya gawo lake mwa kufuna kwake. Koma pali anthu awiri amene sitingawasayinire. Woyamba ndi mwana wa zaka 9 uja. Wachiwiri nonse mukumudziwa, anabwera pa maliro ndi mayi ake, anakhala kuseri kwa mtengo wa mango.

Azakhali: Za ameneyo musazibweretse pano.

Achemwali a ku Zomba: Tikapanda kuzibweretsa pano zikatipeza ku khoti. Lamulo la 2011 silisiyanitsa mwana wobadwira m'banja ndi wobadwira kunja. Bambo ankamulipirira sukulu, malisiti alipo. Akawerengedwa, anthu akhala asanu ndi atatu, K2,100,000 aliyense.

Mwalimu: Pa mirasi, mwana wobadwa popanda nikaha salowa chuma cha bambo, amalowa cha mayi ake. Malemu akanatha kumulembera wasiya, poti wasiya ndi wa anthu amene alibe gawo, mpaka K5,600,000 pa chuma ichi. Sanatero. Koma palibe choletsa kuti olandira, atadziwa magawo awo, apereke mphatso kuchokera m'manja mwawo. Ndime 8 ya Sura yomweyo ikunena kuti achibale, amasiye ndi osauka akakhalapo pogawa, apatsidweko kanthu ndi kuwayankhula mawu abwino.

Achimwene a ku Joni: Ndiye ukutanthauza tiwerenge mwa mirasi kaye, kenako tichotse m'magawo athu?

Mwalimu: Ndi mmene ndikuonera. Aliyense adziwe chake poyamba, kuti popereka adziwe chimene akupereka. Osati kumukakamiza.

Achemwali a ku Zomba: Pa mng'ono wathu, kusiyana kwa K1,700,000 ndi K2,100,000 ndi K400,000, ndipo khoti likhoza kumuwonjezera chifukwa cha msinkhu. Tikamukwanira imeneyo ndi kapamwamba, mayi aang'ono sakhala ndi chodandaula m'malo mwake. Winayo tikhale pansi ndi mayi ake, timve.

Bambo Aang'ono: Mayi aang'onowo ali pa gulu pano koma chilowereni sanalembepo kanthu.

Achemwali a ku Namwera: Ali pa eda bambo, miyezi inayi ndi masiku khumi. Musawapanikize. Mwana wawo wamkulu ndi amene amawawerengera.

Mng'ono wa ku Mpondasi: Tikuwerenga. Mayi akuti za mahari zikomo Mwalimu pokumbukira. Akufunsa ngati atuluke m'nyumba ikagulitsidwa, poti mwana sukulu yake ili pafupi.

Azakhali: Nyumba gulitsani ngati mukufuna. Boti silichoka pa banja.

Achemwali a ku Namwera: Nyumba imeneyo njerwa zake anaumba ndi mayi athu, malata anagula ndi ndalama ya usipa umene ankayanika okha pa thandala. Sindikuti wina atuluke, koma zisaiwalike.

Mwalimu: Mfundo imeneyo ndi yaikulu. Chimene chili cha mayi aakulu si chuma cha malemu, sichilowa m'mirasi. Ngati anaikapo ndalama yawo pa nyumba, ichotsedwe kaye, ndipo manambala onse aja atsika.

Achemwali a ku Zomba: La boma nalonso limayang'ana zimene mkazi kapena mwana anathandizira pa chumacho. Apa awiriwa akugwirizana. Injini ya achimwene ilowanso pomwepo, ngati inali yothandizira osati mphatso kwa bambo.

Achimwene a ku Joni: Inali mphatso. Sindiitchulanso.

Bambo Aang'ono: Ine maganizo anga, boti lisagulitsidwe. Lipatsidwe kwa anyamata awiriwa pa mtengo wa K6,000,000 ngati gawo lawo, msuweni wawo apitirize kuliyendetsa pa malipiro olembedwa. Aliyense akhala wapeza.

Azakhali: Malipiro? Mwana wanga akhale waganyu pa boti la amalume ake?

Msuweni wa ku Makawa: Amayi, ine ndavomera. Bola zilembedwe. Ndipo miyezi itatu yomaliza sindinalandire.

Achemwali a ku Namwera: Tiuze ndi zingati, ndiike pa ngongole.

Achemwali a ku Zomba: Chinanso, pasapezeke wochotsa injini kapena ukonde tisanamalize. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu wopita nawo kundende. Ndipo ndalama ya kubanki sangatipatse ndi kalata ya ashehe yokha, pafunika chikalata cha imfa ndi mapepala a ku khoti osonyeza woyendetsa chuma. Tisankhe anthu awiri, mmodzi wa nyumba iliyonse.

Mng'ono wa ku Mpondasi: Kwathu ndikhala ine.

Achimwene a ku Joni: Kwathu akhale a ku Zomba, ine ndili kutali. Mwalimu, uwapemphe ashehe atsalire Loweruka anthu akabalalika. Anganga awafotokozere ndani za gawo lawo? Foni alibe.

Bambo Aang'ono: Ndipita ndine mawa ku Malindi. Azakhali anu tipitire limodzi.

Azakhali: Ndiona.

Achemwali a ku Namwera: Mukamapita mudutse kuno musiye K20,000 yanu bambo, ndi ya azakhali. Mbuzi ndi Lachinayi, ndipo mpunga ukufunika matumba awiri.