Funso: waya wokokedwa pakati, bwanji ma n a 2, 4, 6 akusowa?

Akuluakulu, ndithandizeni pa waya wa gitala womangidwa mbali zonse ziwiri, wotalika L = 0.65 m, liwiro la funde c = 400 m/s. Ikweshoni ndi u_tt = c²u_xx, ndipo u(0,t) = u(L,t) = 0.

Ndikalemba u = X(x)T(t), ndikupeza X''/X = T''/(c²T) = −λ. Ngati λ ili ziro kapena yochepera ziro, malire awiriwo amakakamiza X kukhala ziro paliponse, ndiye yotsala ndi λ = (nπ/L)², ndi X = sin(nπx/L). Kunjenjemera koyamba ndi c/(2L), pafupifupi 308 Hz. Apa palibe vuto.

Waya ndaukokera pambali pakatikati penipeni ndi h = 2 mm, n'kuusiya osaukankha, choncho magawo a sin(nπct/L) onse amachoka. Ndikawerengera manambala a Fourier ndikupeza bₙ = (8h/(n²π²)) sin(nπ/2). Zikutanthauza kuti b₁ ndi pafupifupi 1.62 mm, b₃ ndi −0.18 mm, koma b₂, b₄ ndi b₆ ndi ziro. Ndikuganiza kuti chifukwa chake n'chakuti mafunde amenewa sasuntha pa x = L/2, pomwe ndakoka. Kodi ndiye kuti kukoka pa L/3 kuchotsanso n = 3, 6, 9?

Chikundivuta kwambiri ndi ichi. Ndikatenga u_xx gawo ndi gawo, n² imafafaniza 1/n², ndipo magawo saphwa n akamakula, moti kuwonkhetsa kwake sikufika pa nambala imodzi. Poyambira waya ali ndi ngodya pakati. Nanga yankho limeneli tilitcha bwanji yankho la ikweshoni? Kodi njira ya d'Alembert ndiyo imalungamitsa zimenezi, popeza ngodyayo imagawika pawiri n'kumayenda ndi liwiro c?